Kalata ya mu ofesi: za fimuweya ndi kutseka makonzedwe a makompyuta athu

Kwa: Bwana Manijala
Kuchokera kwa: Woyang'anira makompyuta

Bwana, ndikupempha chilolezo choti Loweruka likubwerali, kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko, ndizimitse makina onse a mu ofesi kuti ndiike fimuweya yatsopano ndi kutseka makonzedwe ake.

Mukadina batani loyatsira kompyuta, Windows siyamba nthawi yomweyo. Pali kapulogalamu kokhala m'kachipangizo kakang'ono pa bolodi lalikulu la kompyutayo, kamene kamadzuka poyamba, kuona ngati zonse zili bwino, kenako n'kuitana Windows. Kapulogalamu kameneka ndiye fimuweya, ndipo pa sikirini kamalembedwa kuti BIOS kapena UEFI. Rauta yathu ya intaneti, pulinta ndi makina ojambulira zithunzi za makamera alinso ndi fimuweya yawoyawo.

Vuto ndi lakuti antivairasi imene timalipira chaka ndi chaka imayamba ntchito Windows itadzuka kale. Zochitika pansi pake imaziona movutikira. Pulogalamu yoipa ikakhazikika mu fimuweya, ngakhale titafufuta kompyuta yonse kapena kusintha hadi disiki, imakhala ilipobe. Akatswiri a kampani ya ESET anapeza yotere mu 2018, yotchedwa LoJax, ikugwiritsidwa ntchito ndithu. Chaka chomwecho pulogalamu ya VPNFilter inalowa m'marauta ndi zipangizo zina zosachepera 500,000 m'mayiko 54, zamtundu womwe umagwiritsidwa ntchito m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono ngati athu. Mwina munganene kuti ndife ochepa, angatifune ndani? Akuba ambiri a pa intaneti sasankha dzina. Amatumiza makina awo kuti azifufuza pa intaneti usana ndi usiku, ndipo chilichonse chokhala ndi mpata wodziwika amalowamo. Opanga zipangizo akazindikira mpata amatulutsa fimuweya yatsopano youtseka, koma nthawi zambiri imadikira munthu kuti aiike. Pa makompyuta athu 11, asanu ndi awiri akadali ndi imene anabwera nayo pogula.

Za kutseka makonzedwe, ndinayesa ndekha Lachiwiri madzulo. Ndinatenga laputopu ya polandirira alendo, n'kulowetsa fulashi yanga, ndipo poyatsa ndinadina F12. Kompyuta inadzukira pa fulashiyo, Windows osaiyang'ana n'komwe, ndipo sinandifunse pasiwedi iliyonse. Pasanathe mphindi zisanu ndinali nditatsegula mndandanda wa makasitomala ndi manambala awo a foni. Aliyense wotsala yekha mu ofesi kwa kanthawi, kapena wotola laputopu yathu itatayika, angachite chimodzimodzi.

Choncho pa kompyuta iliyonse ndiika pasiwedi ya woyang'anira pa BIOS, ndiletsa kudzukira pa fulashi, ndiyatsa Secure Boot imene imakana kuyambitsa pulogalamu yopanda chidindo chovomerezeka, ndi BitLocker imene imabisa zonse za mu disiki kuti woichotsa asathe kuwerenga. Ogwira ntchito saona kusintha kulikonse. Lolemba adzayatsa n'kulowa monga mwa masiku onse.

Sindikubisirani kuti ntchitoyi ili ndi zoopsa zake. Magetsi akazima fimuweya ili mkati molowa, kompyuta ikhoza kukana kuyakanso, n'chifukwa chake ndiyamba ndasunga mafayilo onse kwina, ndipo iliyonse ndiilumikiza ku batire yathu yadzidzidzi n'kuchita imodziimodzi. Nthawi zina BitLocker imafunsa kiyi yake ya manambala 48 fimuweya ikasintha, ndiye ndisindikiziratu makiyi onse. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi pasiwedi ya BIOS: pa malaputopu ambiri amakono ikaiwalika sifufutika chisawawa, mpaka kupita kwa opanga, mwinanso kusintha bolodi lonse. Isakhale m'mutu mwanga mokha. Ndiilemba pamodzi ndi makiyi aja, ndiika mu envelopu yomata, ndipo ndikupempha kuti musunge inuyo mu sefa.

Ndalama ifunika pa chinthu chimodzi chokha. Opanga rauta yathu anasiya kuitulutsira fimuweya yatsopano, ndiye mpata uliwonse umene upezeke kutsogoloku sudzatsekedwanso. Pasiwedi yake, yomwe inali idakali admin, ndaisintha kale, koma rautayo iyenera kugulidwa ina. Mitengo ya mitundu iwiri ndaiika patebulo panu. Zina zonse n'zaulere, zimangofuna nthawi yanga, ndipo kuyambira pano ndizionanso makina onse miyezi itatu iliyonse.

Mukandiyankha pofika Lachinayi masana, ndidziwitsa anzathu kuti asiye malaputopu awo mu ofesi Lachisanu poweruka.

Zikomo bwana.