Data Ndi Yoyatsa Koma Intaneti Sikutsegula: Yambirani Pano

Mwa anthu amene amabwera pa benchi yanga yokonzera mafoni ku Limbe akudandaula kuti foni yafa intaneti, ambiri foni yawo imakhala ilibe vuto. Ndiye musanakwere minibasi kubwera kuno, yesani izi motsatana. Musadumphe, chifukwa zoyambirirazi ndi zimene zimapezeka kawirikawiri.

Choyamba ndi balansi. Mayunitsi mumawaona poimba `*137#` pa Airtel kapena `#123#` pa TNM, koma chofunika kwambiri ndi bandulo: yatsala yochuluka bwanji, ikutha liti, ndipo ndi ya mtundu wanji. Bandulo imatha m'njira ziwiri, ma MB akatha kapena tsiku lake likakwana, ngakhale mutatsala ndi ma MB ambiri. Tsono pali bandulo za WhatsApp kapena Facebook zokha. Sabata yatha kunabwera bambo wina wogulitsa matumba a chimanga, atakwiya kuti mauthenga akulowa koma tsamba loonera zotsatira za mayeso a mwana wawo likungozungulira. Titayang'ana uthenga wogulira bandulo, inali ya WhatsApp. Foni inalibe mlandu. Ngati WhatsApp ikuyenda koma Chrome ayi, kayikirani bandulo musanakayikire china chilichonse.

Chachiwiri, mafoni ambiri a itel, Tecno ndi Samsung amalowa masimu awiri, koma data imayenda pa imodzi. Mwina bandulo mwagula pa simu yachiwiri pomwe foni ikukoka pa yoyamba. Lowani mu `Settings`, pezani pa masimu, pa `Mobile data` musankhe simu yomwe ili ndi bandulo. Muzimitsenso Wi-Fi: foni ikagwira Wi-Fi ya ku ofesi kapena hotisipoti ya mnzanu yomwe yatha data, imatha kukakamira komweko.

Kenako yang'anani pamwamba pa sikirini, pafupi ndi timizere ta netiweki. Timizere todzaza sitikutanthauza kuti intaneti ilipo, onani chilembo. `4G` kapena `LTE` ndi bwino, `H` kapena `H+` ndi 3G ndipo masamba amatsegula ndithu, koma `E` ndi 2G, yomwe masamba a masiku ano imawakoka ngati ngolo ya ng'ombe pamatope. Mukaona `E`, tulukani panja kapena sunthani, ndipo pa `Preferred network type` muonetsetse kuti sipanatsekeredwe pa 2G yokha. Ngati palibe chilembo chilichonse, yatsani `Airplane mode`, muwerenge mpaka 20, muzimitse. Zikakanika zimitsani foni yonse n'kuyatsanso. Funsaninso woyandikana naye wa netiweki yomweyo. Ngati nayenso zikumuvuta, makamaka magetsi akakhala atazima nthawi yaitali m'dera lonse, vuto lili pa nsanja ya netiweki, ndipo palibe chimene mungakonze m'foni. Dikirani basi.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye tilowe m'kati. Pa `Data usage` onani ngati `Set data limit` ndi yoyatsa. Malire amenewa akakwana foni imadula data yokha, bandulo ilipo. Ngati muli ndi VPN, pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu njira ina, izimitseni. Ana amakonda kuika ma VPN olonjeza intaneti yaulere m'mafoni a makolo, ndipo VPN ikalephera kulumikiza imatha kutsekereza zonse. Chimodzimodzi `Private DNS`: ikhale pa `Automatic` kapena `Off`. Tsiku ndi nthawi nazonso zikhale zolondola. Foni ikabwerera ku chaka chakale batire itachotsedwa, masamba otetezedwa amakana ndipo Chrome imalemba `Your clock is behind`. Yatsani kuti nthawi izidzikonza yokha kuchokera ku netiweki.

Chomaliza m'masetingi ndi APN, khomo limene foni imadutsira polowa pa intaneti ya kampani yanu. Izi zimavuta kwambiri m'mafoni obwera kuchokera ku Joni kapena ogula kwa munthu, omwe amakhala ndi masetingi a netiweki ina. Lowani pa `Access Point Names`, dinani timadontho titatu pakona, musankhe `Reset to default`. Ngati mndandanda uli wopanda kanthu, pangani yatsopano:

```
Name: internet
APN: internet
Proxy: Not set
Port: Not set
```

Sungani ndi `Save`, ndipo muidine kuti isankhidwe, poti ambiri amaiwala pamenepa. Pa `MCC` pazioneka 650, nambala ya Malawi, ndipo pa `MNC` 01 ngati ndi TNM kapena 10 ngati ndi Airtel. Manambala amenewa musawasinthe.

Zikakanikabe, pali `Reset network settings`. Siifufuta zithunzi kapena manambala, koma mapasiwedi a Wi-Fi amachoka, choncho alembeni kaye. Samalani kuti musadine `Factory data reset`, yomwe imakhala pafupi pomwepo ndipo imasesa zonse.

Mukafika apa, chotsani simu muiike m'foni ina. Ikakananso kumeneko, pitani nayo ku shopu ya kampani yanu mutatenga chitupa cha unzika kuti akaione kapena akusinthireni. Ikatsegula masamba bwinobwino, ndiye vuto lilidi m'foni yanu, bweretsani tiitsegule.