Tanthauzo la mawu akuti "Barakallahu fikum"

Mayi anzanga pa ntchito,

Munandifunsa za mawu amene agogo aja a ku Songani anakuuzani Lachiwiri, mutawathandiza kulemba fomu ya mdzukulu wawo, ndipo poti nthawi inatichepera mu ofesi ya aphunzitsi, ndaganiza zokuyankhani polemba. Mawuwo ndi a Chiarabu, akuti "Barakallahu fikum", ndipo m'Chichewa tinganene kuti "Mulungu akudalitseni".

"Baraka" akutanthauza kudalitsa, "Allahu" ndi Mulungu, pomwe "fikum" ndi "mwa inu". Polankhula ndi mwamuna mmodzi timati "fika", ndi mkazi mmodzi timati "fiki", koma "fikum" ndi wa anthu ambiri, ndiponso amagwira ntchito ya ulemu monga momwe ife timanenera kuti "inu" kwa munthu mmodzi. Choncho agogo aja anakulemekezani.

Chimene ndikufuna kuti mumvetse kwambiri ndi madalitso amene akunenedwa pano, chifukwa m'chiphunzitso cha Chisilamu baraka si kuchuluka kwa chuma ayi, koma ndi ubwino wochokera kwa Mulungu umene umalowa m'chinthu n'kuchikulitsa ndi kuchikhalitsa. Banja lina limakolola matumba ochepa a chimanga koma n'kudya mpaka mondokwa utacha, osagona ndi njala, pamene lina limadzaza nkhokwe koma pofika Disembala lili kale pa mzere wogula chimanga. Ife timati banja loyambalo lili ndi baraka. Ndiye munthu akakuuzani mawuwa, akukupemphererani kuti moyo wanu, nthawi yanu, ana anu ndi malipiro anu, ngakhale atachepa bwanji, zikhale zokwanira ndi zopindulitsa. Kwa ine mawuwa ndi olemera kuposa "zikomo" wamba, pakuti wonenayo akuvomereza kuti iye sangathe kubweza chimene mwamuchitira, ndipo akusiyira Mulungu kuti akubwezereni.

Mudzawamva kawirikawiri mumsika wa Zomba, panja pa mzikiti Lachisanu anthu akamatuluka ku mapemphero a Juma, pamene mwana wabadwa, ndiponso pa ukwati, ngakhale kuti pamenepo pali pemphero lalitaliko lopempha Mulungu kuti adalitse awiriwo ndi kuwalunzanitsa mu zabwino. Musawasokoneze ndi "Jazakallahu khairan", amene akutanthauza kuti "Mulungu akulipireni zabwino".

Poti ndinu Mkhristu, musadandaule kuti mwina munalowetsedwa m'mwambo wachipembedzo china. Akhristu olankhula Chiarabu nawonso amatchula Mulungu kuti Allah, ndipo agogo aja sanafune chilichonse kwa inu koma kukufunirani zabwino. Yankho lake ndi lakuti "Wa fikum barakallah", kutanthauza "Nanunso Mulungu akudalitseni", koma lilime likakuvutani, yankhani m'Chichewa momwemo ndipo adzakondwera. Mukafuna kuyeserera katchulidwe kake, mundipeze mawa nthawi yopuma.

Ndine mnzanu wa ku Fomu 3.