Fanuwelo Ndilipafupi, mnzake wa Linesi m'sewero la Khomo la Amasiye

Kwa achimwene amene musewere mbali ya Fanuwelo, komanso kwa mayi otsogolera sewero,

Muwerenge izi musanayambe kuloweza mawu a gawo loyamba. Zambiri zimene ndalemba muno sizidzanenedwa pa wailesi mpaka patsogolo, koma ziyenera kumveka m'mawu anu kuyambira tsiku loyamba.

Tikumbutsane kaye za mwini nkhani. Linesi Makwinja ali ndi zaka 41, anali mphunzitsi, ndipo tsopano ali ndi kaofesi ka chipinda chimodzi kuseri kwa msika wa Limbe, komwe amathandiza amayi amasiye amene achibale a malemu akuwalanda nyumba ndi katundu. Si loya, koma lamulo la chuma cha masiye la 2011 amalidziwa pamtima, ndipo sachedwa kuuza munthu kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Amasunga nthawi, amakhulupirira pepala ndi chidindo, ndipo akakwiya amangoti zii. Vuto lathu ndi lomwelo: pa wailesi munthu wa zii palibe amene amamuona. Pakufunika wina womusokosa mpaka alankhule.

Ameneyo ndi Fanuwelo Namakhwa, wa kabaza wa njinga yamoto, zaka 29, kwawo ku Phalombe, koma amakhala ku Chilobwe. Sukulu analekeza Sitandade 7. Kuwerenga amatha, koma kalata ya ku ofesi imamuopsa, ndiye akapatsidwa amanamizira kuti dzuwa likumuthobwa m'maso. Njinga si yake. Mwini wake ndi bambo wina wagolosale ku Zingwangwa amene amafuna K8,000 madzulo alionse, ndipo anagwirizana kuti akamaliza kubweza mtengo wake njingayo idzakhala ya Fanuwelo. Ichi ndiye cholinga chake, ndipo sichikhudzana ndi Linesi ngakhale pang'ono. Musamuiwalitse zimenezi. Amamukonda Madamu, inde, koma mafuta sagulidwa ndi chikondi, ndipo pamaliro pomwe atha kunong'ona kuti ulendo wadzulo sunalipiridwe.

Zimene Linesi alibe, Fanuwelo ali nazo zosefukira. Linesi amadziwa lamulo, Fanuwelo amadziwa anthu. Amadziwa mlonda wa pa geti, mayi wamandasi wa pa siteji, nyakwawa amene safuna kudzutsidwa masana. Amadziwa kanjira kodutsa m'makwalala a Ndirande pamene msewu wa Chipembere wadzaza kuyambira ku Chichiri mpaka pa Ginnery Corner. Ndi wa Maule wamagazi, ndipo munthu akangoti ndi wa Manoma, Fanuwelo amamupepesa ngati waferedwa. Linesi sadziwa n'komwe kuti matimuwo amavala mitundu yanji.

Dzina loti Ndilipafupi anamupatsa ndi anzake a pa siteji. Nachi chitsanzo chochokera m'gawo loyamba:

(Phokoso la msika. Linesi akuimba foni.)

LINESI: A Fanuwelo, tinagwirizana 8 koloko. Muli pati?

FANUWELO: Ndili pafupi, Madamu. Ndikukuonani kumene.

LINESI: Mukundiona? Ndavala chiyani?

FANUWELO: Nkhope yanu ya Lolemba ija.

(Kumbuyo kwa Fanuwelo woitanira akukuwa: "Chirimba, Lunzu! Chirimba, Lunzu, awiri otsala!")

LINESI: Ku Limbe kuno tayamba liti kuitanira za ku Lunzu?

FANUWELO: Ameneyu ndi wachilendo, Madamu, wasochera. Ndikumulondolera kaye, kenako ndifika.

Achimwene, mawu amenewa musawanene moseka. Fanuwelo sadziwa kuti akuseketsa. Iye akugwira ntchito yoti Madamu asakwiye, ndipo amaigwira ndi mtima wonse. Mukangoyamba kukoka mawu kapena kulankhula mwachibwana kuti omvera aseke, mwamupha. Tonse tamvapo masewero amene mnzake wa mwini nkhani amakhala chitsiru chongogwa m'matope. Ine zimenezo sindikuzifuna, ndipo Chilomwe chimene amaponyamo apo ndi apo chisakhale choseketsa pachokha. Ndi chilankhulo cha mayi ake, amachilankhula akadzidzimuka kapena akamapemphera, basi.

Chimene ndikufuna kwambiri ndi choti nthabwala zake zizibala zipatso. Pa magawo atatu alionse, kamodzi Fanuwelo azikhala wolondola ndipo Linesi wolakwa. M'gawo lachinayi afika ku Ndirande, kwa bambo Chimombo, achimwene ake a malemu, amene atsekera mlamu wawo kunja n'kusunga makiyi ndi mapepala a nyumba.

LINESI: Bambo, ine ndine Linesi Makwinja. Lamulo likunena kuti...

FANUWELO: Pepani bambo, Madamu anakulira m'mayadi, moni amapereka pomaliza. Mwaswera bwanji, bambo? Nanga mwendowo watani?

CHIMOMBO: Taswera. Ndi nyamakazi iyi, chiperoni chikangoyamba basi.

FANUWELO: Iii, pepani. Koma kalendala ili pakhomayi, bambo, musandiuze kuti ndinu a Manoma?

CHIMOMBO: Kuyambira ndili mwana.

FANUWELO: Ndiye mavuto ndi awiri. Wa mwendowo uli ndi mankhwala.

(Chimombo akuseka mosafuna. Kukoka mpando.)

CHIMOMBO: Iwe mwana, bweretsa mipando iwiri. Mayi, khalani pansi, tiyankhule.

Mukuona kuti mpando umenewo Linesi sakanaupeza ndi lamulo lake. Pobwerera, ali pa njinga, Linesi sayamika. Amangoti, "Mawa 8 koloko." Fanuwelo amayankha kuti, "Zikomo kwambiri a Fanuwelo, mwagwira ntchito. Aa, musadandaule Madamu, ndi udindo wanga." Amadzithokoza yekha m'malo mwa Madamu, ndipo zimenezi zizichitika kawirikawiri mpaka omvera azizidikira.

Koma asakhale mngelo. Pakamwa pake pamamupweteketsa. M'gawo lachisanu ndi chimodzi adzaulula pa siteji, pofuna kutchuka, kumene mayi wina wamasiye wabisala, ndipo nkhaniyo idzafika kwa achibale dzuwa lisanalowe. Linesi adzamuchotsa ntchito n'kuyamba kukwera minibasi. Magawo awiri otsatira Fanuwelo sadzamveka, ndipo ndikupempha mayi otsogolera kuti musadzazemo nyimbo kapena wina woseketsa. Omvera amve okha kuti ofesi ija yazizira, Linesi akusochera ku Bangwe, akufunsa njira mwaukali ndipo anthu akumulozera kolakwika.

Tsopano chimene chili pansi pa zonsezi. Fanuwelo anali ndi mlongo wake, Aginesi, amene ankagulitsa tomato ndipo ankachita lendi m'munsi mwa phiri la Soche. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza masiku angapo, matope ndi miyala zinatsika m'phirimo usiku n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. Madzulo a tsikulo Aginesi anamuimbira foni kuti madzi ayamba kulowa m'nyumba, abwere adzathandize kusamutsa katundu. Fanuwelo anali atabisala mvula pa khonde la sitolo ku Limbe, akudikira kuti ikate pang'ono. Anamuyankha kuti ali pafupi.

Aginesi anakamupeza ku nyumba ya chisoni ku Gulupu. Mwana wake, Tiyamike, anapulumuka chifukwa usiku umenewo anagona kwa mnzake wa mayi ake. Lero Tiyamike ali Sitandade 3 ndipo amakhala ndi amalume akewo. Ndi chifukwa chake Fanuwelo amachedwa m'mawa uliwonse: samusiya mwanayo mpaka amuone walowa pa geti la sukulu. Linesi sadziwa, omveranso sadziwa, ndipo adzaseka za kuchedwako mpaka chifukwa chake chidzadziwike. Kukachita mitambo, Fanuwelo amachulukitsa nthabwala ndipo amalankhula mothamanga. Mvula ikayamba kugunda malata, amasiya. Kumeneko ndiye kusewera kwanu kwenikweni, achimwene. Wa zamaphokoso adzatipatsa mvula m'gawo lachiwiri ndi lachisanu, ndipo inu mudzangodula chiganizo pakati, osachimaliza.

Zidzadziwika m'gawo lachisanu ndi chinayi. Linesi wapita ku Chilobwe kukamufuna, osati kukapepesa, koma chifukwa palibe wina amene akudziwa kwa mboni ina ku Mbayani. Apeza Fanuwelo akuchapa yunifolomu ya mwana.

LINESI: Simunandiuzepo kuti muli ndi mwana.

FANUWELO: Simunafunsepo, Madamu. Inu mumafunsa kuti ndili pati basi.

LINESI: Mayi ake ali kuti?

FANUWELO: Tiya, tenga ndalama iyi ukagule sopo. Usathamange. (Kachetechete.) Mayi ake ndi amene ndinayamba kuwanamiza kuti ndili pafupi. Inu munabwera mochedwa, munapeza bodzalo litazolowera kale.

LINESI: A Fanuwelo...

FANUWELO: Ayi, musayambe, Madamu. Inu mukalira mvula igwa, ndipo yunifolomu iyi ndi imodzi yomweyi.

(Linesi akuseka, koyamba m'sewero lonse, koma mawu akunjenjemera.)

LINESI: Bweretsani kuno. Kolala simuchapa choncho.

Pamenepa pasakhale nyimbo yachisoni ndipo Fanuwelo asalire. Ambiri mwa omvera athu a ku Chilobwe, Manja ndi ku Phalombe komwe anataya abale awo masiku amenewo, ndipo sindikufuna kuti aone ngati tikugulitsa maliro awo. Pamveke madzi m'beseni ndi chikwapu cha nsalu, tikalowa gawo lina.

Zikatha izi asasinthe n'kukhala munthu wina. Adzachedwabe, adzanenabe kuti ali pafupi. Chosintha ndi Linesi, amene kuyambira gawo la khumi azipangana ndi anthu 9 koloko m'malo mwa 8, osafotokozera aliyense chifukwa chake. Chikondi cha mwamuna ndi mkazi pakati pa awiriwa palibe ndipo sichidzakhalapo, ngakhale omvera atalemba makalata otani. Fanuwelo ali ndi wake kale m'maganizo, mayi wogulitsa chimanga chootcha pa Kamba, amene wakhala akumugula chimanga kwa chaka osatchula mawu.

Za kalankhulidwe: Linesi amamuti "a Fanuwelo" nthawi zonse, ngakhale atakwiya. Iye amati "Madamu". Kwa akuluakulu ulemu wake ndi wosefukira, kwa anzake a pa siteji ndi "aise" ndi "mani". Amakonda miyambi koma amaimaliza mwa iye yekha, monga "Walira mvula walira matope, ndiye mulipire za matope." Musaonjezere yanu popanda kundifunsa, chifukwa mwambi umodzi pa gawo ndi wokwana.

Ngati mungathe, musanabwere Loweruka mukakhale pa siteji ya kabaza ku Chilobwe kapena pa Kamba kwa ola limodzi, mumve mmene amaitanira kasitomala ndi mmene amanenerera mtengo. Tiyamba ndi gawo lachisanu ndi chinayi, kenako tibwerere ku loyamba, kuti nthabwala ya pa foni ija mudzaisewere mukudziwa kale chimene chili pansi pake. Mubwere ndi chipewa chanu cha njinga ngati muli nacho, wa zamaphokoso akufuna kujambula mawu anu mutachivala.