Pempho loona pepala langa la mayeso

Lachiwiri, 12 Ogasiti 2025

Olemekezeka Aphunzitsi,

Ndine Chisomo, wa chaka chachitatu, amene ndimakhala kutsogolo kufupi ndi zenera m'kalasi yanu ya temodayinamikisi ya zipangizo. Zotsatira zatuluka ndipo ndapeza 38 pa 100. Sindikupempha kuti mundionjezere malikisi ayi, kulepherako ndavomera. Chomwe chikundisowetsa tulo n'choti ndinatuluka m'chipinda cha mayeso ndikudziona ngati ndakhoza.

Cholakwa chimodzi ndachipeza ndekha. Pa funso lachiwiri, pogwiritsa ntchito ΔG = ΔH − TΔS, ndinaika T = 900 monga munalembera m'madigiri a Celsius, m'malo mwa 1173 K. Kumeneko kunali kupupuluma basi, ndipo ndikuchita manyazi pokuuzani.

Koma funso lachitatu, la dayagiramu ya Ellingham, ndi limene landisokoneza mutu. Ndinafotokoza kuti mzere wa 2C + O₂ → 2CO umatsetsereka chifukwa molo imodzi ya gasi imabala ziwiri, choncho ΔS imakula, pomwe mizere ya zitsulo imakwera chifukwa gasiyo amatha. Apo ndikukhulupirira kuti ndinalondola. Mutafunsa chifukwa chake aluminiyamu sayengedwa ndi kaboni m'ng'anjo ngati chitsulo wamba, ndinayankha kuti kaboni sangalande konse okosijeni wa Al₂O₃. Mnzanga wina akuti mizere iwiri, wa kaboni ndi wa aluminiyamu, imadutsana ndithu, kungoti kumtunda kwambiri, cha m'ma 2000 °C, ndiye n'chifukwa chake pamagwiritsidwa ntchito magetsi. Ngati iye akulondola, ndiye kuti chithunzicho ndinangochiloweza pamtima osadziwa kuchiwerenga. Kodi malikisi onse a funsoli anathera pamenepo, kapena kufotokoza kwanga koyamba kuja kunalinso ndi vuto?

Pa funso lachinayi, la Pb–Sn pa 183 °C, ndinagwiritsa ntchito F = C − P + 2 n'kupeza 1. Usiku watha ndaonanso m'kope langa kuti munatiuza kuti pulesha ikakhala yosasintha tizilemba + 1, yankho n'kukhala 0. Zinalembedwa ndi dzanja langa lomwe, koma chifukwa chake sindinachimvetse, ndipo tsikulo ndinaopa kukweza mkono.

Ndiye pempho langa ndi ili: mundilole ndidzaone pepala langa muofesi mwanu, ngakhale mphindi 15 zokha, mundilozere pomwe ndinasochera m'kaganizidwe ndi pomwe ndinangophonya masamu. Mayeso achibwereza ali pafupi, ndipo ndikuopa kudzawerenganso mmene ndinawerengera poyamba n'kugweranso m'dzenje lomwelo. Mafunso onse asanu ndawayankhanso pa pepala lina, ndidzabwera nalo kuti musataye nthawi n'kuyambira pachiyambi.

Lachinayi masana ndi Lachisanu m'mawa ndilibe kalasi, koma tsiku lina lililonse lomwe mungakhale ndi mpata ndidzabwera.

Zikomo kwambiri pondiwerenga.

Ine wophunzira wanu,
Chisomo