2.3 Ziphunzitso zotsogolera kafukufuku wa ndalama za pafoni pa msika wa Soweto

Kafukufukuyu watsamira pa ziphunzitso zitatu, ndipo chilichonse chapatsidwa funso lake ndi njira yake yosanthulira mayankho. Chiphunzitso cha Maslow cha mu 1943, chomwe chinali m'zolemba zoyamba, chachotsedwa poti panalibe funso lomwe chinkathandiza kuyankha.

Funso loyamba ndi lakuti: n'chiyani chimachititsa mayi wogulitsa pa Soweto, mu Lusaka, kuvomera kulipiridwa pa Airtel Money kapena MTN MoMo? Apa tikutsata Fred Davis, yemwe mu 1989 anasonyeza kuti munthu amalandira luso latsopano akaona kuti n'laphindu komanso n'losavuta kugwiritsa ntchito. Mfundo iliyonse iyezedwa ndi ziganizo 6, pa sikelo ya 1 mpaka 7, kwa amayi 120. Davis ankafunsa anthu a mu ofesi ogwiritsa ntchito kompyuta, choncho ziganizozo zalembedwanso kuti zikambe za chenji, za kuba ndi za mtengo wotapira ndalama. Zikatero ziyenera kuyesedwanso: gulu la ziganizo lomwe alufa ya Cronbach yake itsike pansi pa 0.7 lidzakonzedwa kusanthula kusanayambe.

Funso lachiwiri, la momwe mchitidwewu umafalikira kuchoka pa tebulo lina kufika pa lina, likutsogoleredwa ndi Everett Rogers wa mu 1962. Iye anatchula zinthu 5, koma pano tatengapo 3: kugwirizana ndi kagulitsidwe kakale, mwayi woyamba wayesa pang'ono, ndi kuonekera kwa zotsatira kwa anzako. Ziwiri zotsalazo, ubwino woposa njira yakale ndi kuvuta kwa chinthucho, zikufanana kwambiri ndi mfundo za Davis. Kuziika zonse mu rigiresheni imodzi n'kuyeza chinthu chimodzi kawiri, ndipo manambala ake sangalekanitse chomwe chikukoka ndi chomwe chikungotsatira.

Awiriwa amamuona wogulitsa ngati wosankha yekha, pomwe pa msika sizikhala choncho. Mayi wa tomato amapikula pa ngongole kwa mlimi wa ku Chongwe, amasonkha chilimba, ndiponso ali ndi ejenti wake amene amamusungira floti. Mark Granovetter, mu 1985, anati malonda amayenda m'kati mwa maubale a anthu, ndipo ndiye akutsogolera funso lachitatu: kodi chilimba ndi ngongole zapakamwa zimakankhira mayi ku foni kapena zimamubwezera ku ndalama zapamanja? Izi sikelo singaziyeze. Tidzacheza mozama ndi amayi 15, ndipo mawu awo adzagawidwa pa mitu ya kukhulupirirana, kubwezerana ndi chilango cha wolephera kusonkha. Mawu osalowa pa mitu imeneyi sadzakakamizidwa. Adzapatsidwa mutu wawowawo.

Zikapezeka kuti mayi wapereka 7 pa phindu la foni koma chilimba amasonkhabe ndi ndalama zapamanja, Mutu 5 udzafotokoza kusiyanako ndi Granovetter, ndipo udzanena poyera kuti apo chiphunzitso cha Davis chaperewera.