Pempho la ndalama ya intaneti pogwirira ntchito kunyumba

Bwana,

Ndikupempha kuti kampani izindipatsako K60,000 pamwezi ya intaneti, popeza tsopano ndikugwirira ntchito kunyumba ku Chilomoni masiku atatu pasabata.

Pakalipano ndimalumikiza kompyuta ku foni yanga. Sabata yatha ndinayeza liwiro lake pa Speedtest. M'mawa zimakhalako bwino, 6 Mbps pokopera ndi 2 Mbps potumiza. Ikangokwana 2 koloko masana limatsika kufika pa 1.5 ndi 0.4 Mbps, ndipo ndiyo nthawi ya misonkhano yathu ya pa Zoom. N'chifukwa chake Lachinayi mawu anga ankadukaduka mpaka ndinazimitsa kamera, ndipo lipoti la malipiro la 30 MB linatenga mphindi 10 kuti lipite.

Ndinabwereka rauta ya 4G kwa mnzanga n'kuiika pawindo la kuchipinda chochezera. Masana omwewo inapereka 18 ndi 7 Mbps, msonkhano osadukako. Rautayo ndigula ndekha. Ndikupempha ya bando yokha, chifukwa mabando a pafoni akumandithera mwezi usanafike pakati.

Ndaphatikiza zithunzi za zotsatirazo. Mukavomera, ndizipereka malisiti ku ofesi ya zachuma mwezi uliwonse.

Zikomo kwambiri,
Tiyamike