Kalata yodandaula za mankhwala okayikitsa pa Mchinji Boma

Mchinji Boma
17 Febuluwale 2025

Mkulu wa Bungwe la PMRA
Lilongwe

Wolemekezeka Bwana,

MANKHWALA A MALUNGO OMWE NDIKUWAGANIZIRA KUTI NDI ACHINYENGO

Ine ndine famasisiti wolembetsedwa kubungwe lanu loona za mankhwala, ndipo ndili ndi famase pafupi ndi msika wa pano pa boma. Ndikulemba kukudziwitsani za mankhwala a LA omwe akugulitsidwa m'sitolo yoyandikana ndi yanga, ya chitseko chobiriwira, kumanja kwa famase yanga mukamachokera ku depoti.

Lachinayi lapitali kunabwera mayi wina ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwanayo anamuyeza n'kumupeza ndi malungo, anamwa LA wa m'sitoloyo masiku atatu onse mosadumphitsa, koma thupi linali likadali moto. Ndinawatumiza kuchipatala cha boma nthawi yomweyo. Kabokosi anandisiyira, ndipo tsiku lotsatira ndinatuma munthu kukagula paketi ina ya akuluakulu, ya mapilitsi 24.

Nambala ya bachi, yosonyeza gulu la mankhwala opangidwa pamodzi, yomwe ili pabokosi ikusiyana ndi ya pakapepala konyezimira ka m'kati. Tsiku lothera mphamvu silinadindidwe pabokosi penipeni, achita kumatapo kapepala, ndipo mukakanda ndi chikhadabo pansi pake pakuoneka kuti anafufutapo. LA weniweni amakhala wachikasu bwino ndi wolimba. Uyu ndi wotuwa, ndipo akufumbutuka mukangomufinya ndi zala. Mtengo wake ndi wotsika kuposa umene ine ndimaodera kwa ogulitsa ovomerezeka ku Lilongwe. Chiphaso cha PMRA sichikuoneka pakhoma, ndipo katundu ndamuonapo akutsitsidwa panjinga yamoto kutada, m'makatoni opanda chizindikiro. Ku Mwami ndi pafupi, njira zozembera malire n'zambiri, choncho gwero lake lifufuzidwe.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti ndi nsanje ya malonda poti tayandikana. N'chifukwa chake sindikupempha kuti mukhulupirire maso anga. Chogamula ndi labotale. Koma ino ndi nyengo ya mvula, ana akudwala malungo mudzi ndi mudzi, ndipo kholo likagula mankhwala limakhazika mtima pansi n'kuchedwa kupita kuchipatala, pomwe malungo akukulirakulira. Mankhwala operewera mphamvu amachititsanso kuti tizilombo tiyambe kupirira, LA weniweni n'kudzasiya kugwira ntchito kwa tonse.

Pempho langa ndi lakuti, mwa mphamvu zomwe lamulo la 2019 linakupatsani, mutumize oyendera mosachenjeza, atenge zitsanzo, ndipo katundu yense wa bachi imeneyi aimitsidwe kufikira zotsatira zitatuluka. Aonenso makapisozi a amokisilini omwe akugulitsidwa mowerenga m'timapepala, popanda kalata ya dokotala.

Mapaketi awiriwo ndawasunga motsekera, zithunzi zake ndaphatikiza ndi kalatayi, ndipo kope ndapereka kwa woyang'anira zamankhwala pachipatala cha boma. Chonde dzina langa lisatchulidwe kwa eni sitolowo kufikira mutafika, kuopa kuti angasamutse katunduyo usiku.

Ine wanu pantchito,
Famasisiti woyang'anira,
Mchinji Boma